Ndani ankalonga bishopu, papa kapena mfumu? Nkhani ya mphete, ndodo ndi minda

Ku Jeremani cha m'ma 1050, bishopu akamwalira, ansembe a pa tchalitchi chachikulu cha dayosiziyo pamodzi ndi akuluakulu a mumzindamo ankatenga ndodo ya ubusa ya malemuyo ndi mphete yake n'kuyamba ulendo wokafuna mfumu. Ndikuti wokafuna chifukwa mfumu ya nthawi imeneyo inalibe likulu limodzi, inkangoyendayenda m'dziko lake lero kuno mawa uko. Akaipeza ankaika ndodo ndi mphete zija m'manja mwake, mwina n'kutchulako dzina la munthu amene akumufuna, koma mawu omaliza anali a mfumu, ndipo kawirikawiri inkatenga mmodzi mwa ansembe a kunyumba yake yachifumu, munthu woti yamuona kwa zaka akuilembera makalata ndi kuichitira misa. Munthuyo ankabwera kutsogolo, mfumu n'kumupatsa ndodo ija ikunena mawu achilatini otanthauza kuti landira mpingo. Iye n'kulumbira kuti akhala wokhulupirika kwa mfumu. Zonsezi zikatha m'pamene ankapita kwa mabishopu anzake kuti akamudzoze pa guwa, ndiye kudzozako kunkabwera nkhani itatha kale.

Mawu akuti landira mpingo amenewa ndi amene anabala mkangano womwe unatenga pafupifupi zaka 50, kuyambira 1075 mpaka 1122. Munthu woti si wansembe, manja ake amagwira lupanga, angapereke bwanji mpingo? Ndodo ija imaimira ubusa, mphete imaimira ukwati wa bishopu ndi mpingo wake, nanga mfumu zimenezi inazitenga kuti kuti izigawa?

Koma tisafulumire kuitcha mfumu wakuba, chifukwa inali ndi chifukwa chake chomveka ndithu. Bishopu wa nthawi imeneyo sanali munthu wongochita misa ndi kulimbitsa ana ayi. Mafumu akale anali atapereka ku madayosizi minda yaikulu ndi anthu olima momwemo, misika, ufulu wotolera msonkho pa milatho ndi pa madoko, ufulu wosula ndalama, mabwalo a milandu, ena mpaka maboma athunthu. Mfumu inkachita izi dala. Ukapereka dera kwa nduna wamba, ikafa mwana wake alowa, mdzukulu alowa, pakapita mibadwo iwiri banjalo layamba kuona ngati dera ndi lawo ndipo likukuderera. Bishopu analibe mwana wovomerezeka woti n'kulowa m'malo mwake, akafa mpando unkabwerera m'manja mwa mfumu. Ndiye mabishopu ndi akulu a nyumba za amonke anali ngati msana wa boma. Pali kaundula wina wa m'chaka cha 981, pamene mfumu Otto II inali ku Itale n'kuitanitsa asilikali apakavalo ovala zachitsulo opitirira 2,000, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankayenera kutumizidwa ndi mabishopu ndi akulu a amonke. Munthu amene akusungira asilikali ochuluka chonchi, ungalole kuti asankhidwe iwe osadziwa? Komanso mfumuyo payokha inkadzozedwa ndi mafuta oyera polongedwa ufumu, ndiye sinkadziona ngati mkhristu wamba, inkati Mulungu anaiika kuti iteteze mpingo.

Ndipo nthawi zina inkautetezadi. Mu 1046 ku Roma kunali chipwirikiti, anthu atatu aliyense akuti papa ndine. Mfumu Henry III inatsika kuchokera ku Jeremani, inaitanitsa misonkhano ya mabishopu ku Sutri ndi ku Roma, onse atatu anachotsedwa, n'kuikapo bishopu wa ku Bamberg amene anatenga dzina loti Clement II. Apapa a Chijeremani amene anatsatira, makamaka Leo IX, ndi amene anayatsa moto wokonza mpingo. Ichi chimandikhudza nthawi zonse ndikamaganizira nkhaniyi, kuti kukonzanso kumene kunadzagwaditsa mwana wa Henry III kunayambitsidwa ndi bambo ake omwe.

Okonzansowa poyamba sankalimbana ndi mfumu. Adani awo anali awiri, ansembe okhala ndi akazi, ndi kugula maudindo a mpingo ndi ndalama, tchimo limene ankalitchula ndi dzina la Simoni wamatsenga uja wa pa Machitidwe 8 amene anafuna kugula mphatso ya Mzimu Woyera kwa Petulo. Koma ukatsata katangale wa maudindo kuti akuchokera kuti, umakapezeka pakhomo pa amene amagawa maudindowo. Ngati mpando wa bishopu ukutuluka m'manja mwa mfumu, ofuna mpandowo azinyamula mphatso kupita kwa mfumu ndi alangizi ake, ndipo akaupeza azibweza ndalama zawo pogulitsa maparishi kwa ansembe a pansi pawo. Henry III atamwalira mu 1056 n'kusiya mwana wosakwana zaka 6, Henry IV, a ku Roma anapeza mpata, mu 1059 anakhazikitsa lamulo loti papa azisankhidwa ndi makadinala, mfumu n'kungotchulidwa mwaulemu chabe.

Moto weniweni unabukira ku Milan. Mzinda umenewu unali wolemera, uli pakhomo pa njira zodutsa mapiri a Alps, ndipo mfumu ya Jeremani yofuna kulamulira kumpoto kwa Itale inkafunika kukhala ndi munthu wake pa mpando wa akibishopu wa kumeneko. Koma mumzindamo munali gulu la akhristu wamba ndi ansembe ena otchedwa Pataria, anthu okwiya ndi ansembe ogula maudindo, ankakana kulandira masakramenti kwa iwo mpaka kuwathamangitsa pa guwa, ndipo Roma inkawaikira kumbuyo. Akibishopu Guido atatula pansi udindo, Henry IV anapereka ndodo ndi mphete kwa munthu wina dzina lake Godfrey. A Pataria anakana, mu 1072 anasankha wawo, Atto, ndipo papa anavomereza Atto. Mpando umodzi, anthu awiri, ndipo palibe mwa awiriwo amene ankatha kukhala mumzindamo mwamtendere. Papa Alexander II anachotsa mu mpingo alangizi asanu a mfumu chifukwa cha nkhaniyi, kenako anamwalira mu 1073, ndipo amene analowa anali Hildebrand, yemwe anatenga dzina loti Gregory VII. Uyu anali munthu wa moto. Ali mnyamata anaperekeza mmodzi mwa apapa atatu ochotsedwa aja popita ku ukapolo ku Jeremani, ndiye anali ataona ndi maso ake mfumu ikuchotsa papa. Mu 1075 analembetsa m'buku la makalata ake ziganizo 27 za mphamvu za papa, ndipo zina mwa izo zimati ndi papa yekha angachotse kapena kubwezeretsa bishopu, kuti papa sangaweruzidwe ndi munthu aliyense, kuti angachotse mafumu aakulu pa mpando, komanso angamasule anthu ku malumbiro amene analumbira kwa olamulira oipa.

Henry anayamba wadzichepetsa chifukwa anthu a ku Saxony, dera la kumpoto kwa Jeremani, anali atamuukira ndipo sankafuna adani awiri nthawi imodzi. Koma mu Juni 1075 anawagonjetsa pa nkhondo, mtsogoleri wa Pataria, Erlembald, anali ataphedwa chaka chomwecho, ndiye mnyamata wa zaka 24 uja anaona kuti njira yayera, anaika munthu wachitatu ku Milan dzina lake Tedald, n'kuikanso mabishopu ku Fermo ndi ku Spoleto, kufupi ndi Roma kwenikweni. Gregory anamulembera kalata yaukali mu Disembala. Yankho linabwera mu Januwale 1076, mabishopu 26 atasonkhana ku Worms n'kulengeza kuti sakumumveranso, ndipo kalata ya mfumu inamutchula ndi dzina lake lakale, kuti Hildebrand, osati papa koma mmonke wabodza, n'kumaliza ndi mawu oti tsika, tsika. Taonani apa, amene anakana papa anali mabishopu, osati asilikali. Ambiri mwa iwo anali atatopa naye chifukwa ankawaitanira ku Roma ngati anyamata ake, ndipo onse anali atalandira ndodo zawo kwa mfumu.

Gregory anayankha mu Febuluwale pa msonkhano wa nyengo ya Lenti, ndipo chigamulo chake anachinena ngati pemphero kwa Petulo Woyera. Anachotsa Henry mu mpingo, anamuletsa kulamulira, n'kumasula akhristu onse ku malumbiro awo kwa iye. Papa anali asanachitepo zotere kwa mfumu ya Jeremani. Kuti timve kulemera kwake tiyenera kukumbukira kuti boma la nthawi imeneyo linalibe apolisi kapena ogwira ntchito olandira malipiro pamwezi, linkaima pa malumbiro basi, munthu kulumbirira munthu pa zinthu zoyera. Ukadula lumbiro wadula chingwe chimene chamanga denga lonse. Komanso munthu wochotsedwa mu mpingo sunkayenera kudya naye, kupemphera naye, ngakhale kumupsompsona pomulonjera. Pa Pasaka chaka chomwecho bishopu William wa ku Utrecht anatemberera Gregory pa guwa mfumu ili pomwepo, mphenzi inatentha tchalitchi mumzindamo, ndipo patangopita milungu yochepa bishopuyo anamwalira. Anthu anachita mantha. Mabishopu anayamba kubwerera kwa papa mmodzimmodzi, nduna zazikulu zimene zinkadana kale ndi Henry zinapezerapo mwayi, ndipo mu Okutobala ku Tribur zinamuuza kuti ngati chaka chikwane asanamasulidwe ndiye kuti ufumu wake watha. Zinaitananso papa kuti abwere ku Augsburg mu Febuluwale 1077 adzaweruze mlanduwo.

Henry anadziwa kuti papa ndi nduna zikakhala pansi pamodzi iye watha, ndiye anaganiza zokamutchingira papa kunjira. Inali nyengo yozizira koopsa, njira zambiri za m'mapiri adani ake anali atatseka, anazungulira cha ku Burgundy n'kukwera phiri la Mont Cenis ndi mkazi wake Bertha ndi kamwana kawo Conrad, ndipo mmonke wina wolemba mbiri dzina lake Lampert akuti potsika amuna ankakwawa ndi manja ndi mawondo pa madzi oundana, mfumukazi ndi amayi ena n'kuwakhazika pa zikopa za ng'ombe n'kumawakoka. Gregory atamva kuti mfumu yafika ku Itale anaganiza kuti yabwera ndi nkhondo, anathawira mu linga la Canossa la mayi Matilda wa ku Tuscany, mayi wamphamvu amene anali kumbali yake. Koma Henry anafika pa chipata wopanda nsapato, atavala chovala chaubweya cha olapa, ndipo kwa masiku atatu kuyambira pa 25 Januwale ankabwera kudzaima pamenepo akulira. Izi tikuzidziwa kuchokera m'kalata ya Gregory mwini, amene anavomereza kuti anthu amene anali naye anayamba kumunena kuti uku sikulinso kulimba mtima kwa mtumwi koma nkhanza. Matilda anamupempherera, Hugh mkulu wa amonke a ku Cluny yemwe anali tate wa ubatizo wa Henry anamupemphereranso. Pa 28 Januwale papa anamumasula.

Anthu ambiri nkhaniyi amaithera pamenepa, amati papa anapambana. Ine sindiona choncho. Gregory ngati wandale ankafunika kukana kuti akafike ku Augsburg, koma ngati wansembe sakanatha kubweza munthu wolapa, ndipo Henry ankadziwa zimenezo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti m'lumbiro limene Henry analumbira ku Canossa mulibemo mawu alionse okhudza kulonga mabishopu. Lamulo lomveka bwino loletsa wansembe aliyense kulandira udindo wa mpingo m'manja mwa munthu wamba linadzabwera mu Novembala 1078. Komabe chinthu china chinasweka pa chipata chija chimene sichinalumikizikenso, mfumu yodzozedwa inaima panja ngati mkhristu wina aliyense wochimwa.

Zotsatira zake zinali magazi. Nduna zija zinasankha mfumu ina, Rudolf, nkhondo yapachiweniweni inayamba, mu 1080 Gregory anachotsanso Henry kachiwiri koma ulendo uno anthu sanagwedezeke, Henry anasankhitsa papa wake, Wibert wa ku Ravenna, ndipo mu Okutobala Rudolf anadulidwa dzanja lamanja pa nkhondo n'kumwalira, anthu n'kumati ndi dzanja lomwe analumbirira nalo kwa Henry. Mu 1084 Henry analowa mu Roma, Gregory anadzitsekera mu linga, anapulumutsidwa ndi asilikali a Robert Guiscard, wolamulira kum'mwera kwa Itale, amene anafunkha ndi kutentha mzindawo moti papa sakanathanso kukhalamo, anakamwalira ku Salerno pa 25 Meyi 1085. M'madayosizi ambiri a ku Jeremani munali mabishopu awiriawiri, wa mfumu ndi wa papa, aliyense akuti masakramenti a mnzakeyo ndi opanda pake, ndiye tangoganizani mayi wa kumudzi amene akungofuna mwana wake abatizidwe kapena mwamuna wake aikidwe m'manda mwachikhristu.

Koma chaka chimene chimaonetsa fupa lenileni la nkhaniyi kwa ine ndi 1111, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri. Henry IV anali atamwalira mu 1106 atalandidwa ufumu ndi mwana wake Henry V, ndipo mwanayo, amene poyamba ankaoneka ngati bwenzi la mpingo, anapitiriza kupereka ndodo ndi mphete ngati bambo ake. Anabwera ku Roma ndi gulu lalikulu lankhondo kuti papa adzamuveke chisoti cha mfumu yaikulu. Papa anali Paschal II, mmonke. Nthumwi za mfumu zinati, mfumu ingasiye bwanji kulonga mabishopu pamene mabishopuwo akusunga chuma cha ufumu? Ndipo Paschal anayankha chinthu chimene palibe ankachiyembekezera. Anati chabwino, tengani zanuzo. Mabishopu abweze mizinda, maboma, misika, misonkho, kosulira ndalama, malinga ndi asilikali, zonse zimene zinachokera kwa mafumu, azikhala ndi chakhumi, zopereka za akhristu ndi mphatso zimene sizinachokere ku ufumu. Mfumu nayo isiye ndodo ndi mphete. Anagwirizana.

Lamulungu pa 12 Febuluwale 1111, mu tchalitchi cha Petulo Woyera, mwambo woveka chisoti utayamba, kalata ya papa inawerengedwa mokweza. Tchalitchi chinaphulika ndi phokoso. Amene anakuwa kwambiri anali mabishopu a ku Jeremani, chifukwa palibe anawafunsa ndipo zimene zinkaperekedwazo zinali zawo, ndipo nduna nazo zinakwiya chifukwa zambiri zinkadya minda imene zinabwereka ku mpingo, komanso zinaona kuti chuma chonsecho chikabwerera kwa mfumu, mfumuyo ikhala yamphamvu kuposa kale. Mwambo unaima. Pofika madzulo Henry anagwira papa ndi makadinala angapo n'kutuluka nawo mumzinda, anawasunga pafupifupi miyezi iwiri, mpaka mu Epulo Paschal anagonja n'kumupatsa kalata yomulola kupereka ndodo ndi mphete, n'kumuvekanso chisoti. Chaka chotsatira msonkhano wa mabishopu ku Roma unakana kalata ija kuti inalembedwa mokakamiza.

Ine tsiku limeneli limandipweteka mtima, chifukwa ndi tsiku lokhalo pamene ufulu wathunthu unaikidwa pa tebulo pamodzi ndi mtengo wake, ndipo abusa anauona mtengowo n'kubwerera m'mbuyo. Ankafuna kumasuka kwa mfumu koma minda ya mfumu ili m'manja, mapanga awiri avumbwitsa. Sindikuti onse anali adyera ayi, ena ankaopa zenizeni, kuti bishopu wopanda linga ndi asilikali m'dziko la nkhondo ngati lija akhala nyama ya nduna iliyonse yoyandikana naye, ndipo chuma chimenecho n'chimene chinkadyetsa ansembe, masukulu ndi osauka. Koma zinaonekeratu kuti vuto silinali mfumu yokha.

Njira yotulukira inachokera kwa akatswiri a malamulo a mpingo, makamaka bishopu Ivo wa ku Chartres ku Falansa, amene anali atalemba kale cha m'ma 1097 kuti mwa bishopu muli zinthu ziwiri zimene anthu akhala akuziphatikiza. Pali udindo wauzimu, umene mfumu singapereke chifukwa ilibe. Ndiye pali minda ndi maufulu a dziko, zimene mfumu ingapereke chifukwa zinachokeradi kwa iyo. Lero izi zikumveka zosavuta, koma kwa anthu amene anazolowera kuona mpingo ngati chinthu chimodzi, guwa, munda, belu ndi msika zonse pamodzi, kunali kuganiza kwatsopano. Ku Mangalande anagwirizana motsata nzeru yomweyi mu 1107, mfumu Henry I inasiya ndodo ndi mphete koma mabishopu anapitiriza kuilumbirira chifukwa cha minda.

Ku Jeremani zinatheka pa 23 Sepitembala 1122, kunja kwa mzinda wa Worms womwe uja, pakati pa Henry V ndi nthumwi za Papa Calixtus II. Anasinthana makalata awiri afupiafupi. M'kalata yake mfumu inasiya kulonga ndi mphete ndi ndodo, inalola kuti mabishopu azisankhidwa motsata malamulo a mpingo n'kudzozedwa mwaufulu, n'kulonjeza kubweza katundu wa mpingo amene analandidwa. M'kalata ya papa munali zimene mfumu inatsala nazo, ndipo apa m'pofunika kuwerenga pang'onopang'ono. Mu Jeremani chisankho chizichitika mfumu ili pomwepo, bola pasakhale ziphuphu kapena chiwawa. Osankha akagawanika, mfumu ithandize mbali yolondola itamva malangizo a akibishopu ndi mabishopu a chigawocho. Wosankhidwayo alandire minda ndi maufulu a dziko kwa mfumu pogwiritsa ntchito ndodo yachifumu, osati ya ubusa, kenako adzozedwe. Koma ku Itale ndi ku Burgundy dongosolo linatembenuka, munthu azidzozedwa kaye, za minda zibwere pambuyo isanathe miyezi 6.

Kusiyana kwa dongosoloku si nkhani yaing'ono. Ku Jeremani, mfumu ikakana kupereka ndodo yachifumu, munthuyo ankangokhala wosankhidwa wosadzozedwa, ndiye mfumu inali ikadali ndi chitseko choti itseke. Ku Itale inkapeza bishopu atadzozedwa kale, palibe chimene ikanachita. Ndipo kusankha mfumu ikukuyang'ana, ndi asilikali ake panja, tonse tikudziwa kuti dzanja limakwera mbali iti. Patangotha zaka 30, mu 1152, osankha a ku Magdeburg atagawanika pakati pa anthu awiri, mfumu Frederick Barbarossa sinatenge aliyense mwa awiriwo, inakankhira munthu wake Wichmann amene anali kale bishopu ku Naumburg n'kumupatsa minda mwachangu. Papa Eugene III anakana, koma atamwalira, wolowa m'malo mwake anavomereza mu 1154. Wichmann anakhala pa mpandowo mpaka imfa yake.

Ndiye mpingo unapata chiyani? Unapata chinthu chimodzi chachikulu chimene sichinabwererenso, palibenso mfumu ya kumadzulo kwa Ulaya imene ikanatha kunena kuti landira mpingo. Anthu anaphunzira kuti pali malire, kuti pali zinthu zimene wolamulira dziko alibe mphamvu pa izo ngakhale akhale wamkulu bwanji, ndipo mpingo unayamba kukhala ndi malamulo ake olembedwa bwino ndi mabwalo ake a milandu okathera ku Roma. Koma ufulu umenewu sunafike kwa aliyense. Okonzanso aja ankalalikira kuti bishopu azisankhidwa ndi ansembe ndi anthu, koma m'kupita kwa nthawi anthu wamba anakankhidwira kunja, kusankha kunatsalira kagulu ka ansembe a pa tchalitchi chachikulu, amene ku Jeremani ambiri anali ana a mabanja olemera a m'deralo. Akakangana mlandu unkapita ku Roma, ndipo pang'onopang'ono papa anayamba kuika yekha mabishopu. Bishopu amene anamasuka pang'ono kwa mfumu anapezeka wamangika kwambiri kwa papa kuposa kale. Minda ija sanaisiye, mabishopu a ku Jeremani anakhala olamulira madera awo ngati mafumu ang'onoang'ono mpaka 1803. Ndipo mafumu anabwereranso pa khomo lina, mwachitsanzo mu 1516 papa anapatsa mfumu ya Falansa ufulu wotchula mayina a mabishopu a m'dziko lake, papa n'kumangovomereza. Lamulo la mpingo wa Katolika lonena kuti kuyambira tsopano maboma sazipatsidwanso ufulu wosankha kapena kutchula mabishopu lili m'buku la malamulo la 1983.

Kachidutswa ka nkhani yomweyi kanafika mpaka kwa abale athu a ku Tete ndi ku Angonia. Mu 1940 boma la Salazar ku Portugal linasainirana mapangano ndi Vatican, ndipo m'mapanganomo munali zoti mabishopu a m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi, kuphatikizapo Mozambiki, azikhala nzika za Portugal, komanso papa asanalengeze dzina azilitumiza kaye ku boma kuti linene ngati lili ndi chodandaula pa zandale, ndipo boma linali ndi masiku 30 oti liyankhe. Mbali inayi boma linkathandiza mamishoni ndi ndalama n'kuwapatsa ntchito yophunzitsa ana a anthu akuda. Nkhondo ya ufulu itayamba mabishopu ambiri anakhala chete, moti mu 1971 ansembe a chipani cha Abambo Oyera anasankha kuchoka mu Mozambiki onse ponena kuti mpingo wagwirana manja kwambiri ndi boma la atsamunda. Bishopu Manuel Vieira Pinto wa ku Nampula, Mpwitikizi amene anayankhula, anathamangitsidwa m'dzikolo mu 1974. Alexandre dos Santos, wansembe wakuda woyamba wa dzikolo, anadzozedwa kukhala akibishopu mu Malichi 1975, boma limene linasaina mapangano aja litagwa kale ku Lisbon, kutatsala miyezi itatu kuti Mozambiki ilandire ufulu.